Kodi imodzi, zotsatira ziwiri: mu lipoti ndilembe 92 kapena 82?

*"Ndili ndi deta ya ngongole 300, ndipo 90 mwa izo sizinabwezedwe. Ndinaphunzitsa modelo yolosera ngati munthu adzabweza. Ndinagawa deta 80 kwa 20 ndi `train_test_split`, n'kupeza 92 peresenti. Mnzanga wayendetsa kodi yomweyo pa kompyuta yake, wapeza 82. Sitinasinthe kalikonse. Ndalakwitsa pati? Aphunzitsi akuti ndichite kurosi-valideshoni ya magawo asanu, koma sindikumvetsa kuti ikonza chiyani. Nanga mu lipoti ndilembe nambala iti?"*

Mtima m'malo, palibe chimene mwaswa. Kodi yanu ili bwino, ndipo kompyuta ya mnzanuyo sikunama. Nonse awiri mwayeza chinthu chimodzi ndi muyeso wogwedera, ndipo kugwederako kungathe kuwerengedwa ndi pensulo musanayatse n'komwe kompyuta. Tiyambire pamenepo, chifukwa mukaona kukula kwake, zimene aphunzitsi anu akupempha zidzamveka zokha.

Mukapanda kuiuza `random_state`, `train_test_split` imasakaniza mizere mwatsopano nthawi iliyonse imene mwaiyendetsa. Choncho inu munapatula ngongole 60 zoyesera, mnzanu anapatulanso 60, koma osati zomwezo. Pa mizere 60, mzere umodzi ukulemera pafupifupi mapointi 1.7. Inu modelo inalondola pa 55, ndiyo 91.7 peresenti imene mukuitcha 92. Mnzanu inalondola pa 49, ndiyo 81.7. Kusiyana konse kumene kwakusowetsani tulo ndi ngongole zisanu ndi imodzi basi. M'deta iliyonse mumakhala mizere yosavuta, imene modelo iliyonse ingailondole, ndi ina yovuta, monga munthu wa malipiro abwino amene sanabweze pa chifukwa chimene sichinalembedwe paliponse. Yovutayo ikagwera yambiri kumbali yophunzitsira, mayeso amakhala ofewa. Ikagwera kumbali yoyesera, amakhala owawa. Inu munagwira mwayi, mnzanu ayi.

Pali fomula yachidule yosonyeza mmene nambala yotere imagwederera:

```
SE = sqrt( p * (1 - p) / n )
```

Apa `p` ndi kulondola kwenikweni kwa modelo, `n` ndi chiwerengero cha mizere yoyesera. Tiyerekeze kuti kulondola kwenikweni ndi 0.86. Mukaika 60 pa `n` mupeza pafupifupi 0.045, ndiko kuti mapointi anayi ndi theka. Nthawi zambiri chotsatira chimagwa mkati mwa mlingo umenewu kuwirikiza kawiri, kumtunda kapena kumunsi, motero chilichonse kuyambira 77 mpaka 95 si chodabwitsa. Nambala zanu zonse ziwiri zili mkati mwa mpanda womwewo. Ndipo fomulayi yawerengera mbali imodzi yokha ya vutolo. Mbali ina ndi yakuti mizere 240 yophunzitsira nayonso yasintha, ndiye kuti modelo ya mnzanu si yanu ndendende. Onjezaninso kuti, popanda `stratify=y`, ngongole zosabwezedwa m'mayeso sizikhala 18 nthawi zonse monga mmene 30 peresenti ikanafunira. Zitha kukhala 13, zitha kukhala 23, ndipo izi n'zimene modelo imaphonya kwambiri.

Musangondikhulupirira. Yendetsani izi, muone ndi maso anu:

```python
for s in range(30):
    Xa, Xb, ya, yb = train_test_split(X, y, test_size=0.2, random_state=s)
    print(s, modelo.fit(Xa, ya).score(Xb, yb))
```

Mudzaona nambala 30 zikukwera ndi kutsika pamene deta ndi modelo sizinasinthe. Ndikuchenjezeni msanga za yesero limene limabwera pamenepa, chifukwa ndaona ophunzira ambiri akugwamo, ndipo inenso poyamba ndinagwamo. Munthu amayang'ana mndandandawo, n'kuona kuti pa `random_state` ina yake patuluka 95, n'kuikhomera imeneyo mu kodi. Kukhomera `random_state` kumathandiza kuti inu ndi mnzanu muzipeza yankho limodzi, koma sikuchititsa yankholo kukhala loona. Ndipo kusankha imene yatulutsa nambala yokoma ndi chimodzimodzi kulemba mayeso kambirimbiri n'kukaonetsa kunyumba pepala limodzi lokha limene munakhoza.

Tsopano kurosi-valideshoni. Ganizo lake ndi losavuta: m'malo mopatula gawo limodzi loyesera n'kulidalira, mzere uliwonse upatsidwe nthawi yake yokhala mayeso. Mumadula mizere 300 m'magawo asanu ofanana, lililonse mizere 60. Chilembo `k` chimene mumachiona m'dzina la `KFold` chikuimira chiwerengero cha magawowo. Ulendo woyamba mumaika gawo loyamba pambali, n'kuphunzitsa modelo pa magawo anayi otsalawo, mizere 240, kenako n'kuiyesa pa gawo munaika pambali lija. Mumalemba chotsatira, n'kuitaya modeloyo. Ulendo wachiwiri mumayamba ndi modelo yatsopano imene sidziwa kalikonse, mumaika pambali gawo lachiwiri, n'kuphunzitsa pa anayi enawo, kuphatikizapo loyamba lija. Mumatero mpaka maulendo asanu akwane. Pamapeto ngongole iliyonse yakhala mayeso kamodzi ndendende, ndipo yakhala yophunzitsira kanayi. Palibe mzere umene unayesedwa ndi modelo imene inauonapo kale.

Mawu akuti "yatsopano" ndi amene amasunga chilungamo cha njirayi. Mukalemba lupu yanu pamanja, n'kupitiriza kuphunzitsa modelo imodzi kuchokera pa ulendo wina kupita pa wina, pofika ulendo wachiwiri imakhala itaona kale gawo limene mukuiyesa nalo. Mu scikit-learn, `cross_val_score` imakupangirani yatsopano yokha pa ulendo uliwonse, choncho vutoli limapezeka kwambiri kwa amene akuphunzitsa manetiweki ndi lupu yolemba okha.

```python
from sklearn.model_selection import StratifiedKFold, cross_val_score
from sklearn.pipeline import make_pipeline
from sklearn.preprocessing import StandardScaler
from sklearn.linear_model import LogisticRegression

modelo = make_pipeline(StandardScaler(), LogisticRegression())
magawo = StratifiedKFold(n_splits=5, shuffle=True, random_state=0)
z = cross_val_score(modelo, X, y, cv=magawo, scoring="accuracy")
print(z, z.mean(), z.std())
```

Tiyerekeze kuti pa maulendo asanuwo modelo yalondola pa mizere 52, 49, 55, 51 ndi 53 mwa 60. M'maperesenti ndi 86.7, 81.7, 91.7, 85.0 ndi 88.3. Ndaikamo dala 55 wanu ndi 49 wa mnzanu kuti muone malo awo: wina ndi gawo lofewetsetsa, wina ndi lovutitsitsa, ndipo onse ndi ana a banja limodzi. Mukaphatikiza zonse mupeza 260 mwa 300, avareji 86.7 peresenti. `z.std()` ikupatsani 0.033, kusonyeza kuti magawo akutalikirana ndi avareji ndi mapointi atatu ndi pang'ono. Nambala ziwirizi n'zimene zilowe mu lipoti, pamodzi ndi zisanu zijazi kuti wowerenga adzionere yekha.

N'chifukwa chiyani 86.7 ili yodalirika kuposa 92? Chifukwa yaima pa mizere 300, osati 60. Mukaika 300 mu fomula ija, kugwedera kumatsika kuchoka pa mapointi anayi ndi theka kufika pa awiri. Onani kuti sikunatsike kasanu, kwangotsika kupitirira pang'ono theka, poti mu fomulamo muli `sqrt`. Ndipo mapointi awiriwo muwatenge ngati chiyerekezo chapansi. Maulendo asanu aja sali odziimira paokha: mukatenga awiri aliwonse, mizere 180 mwa 240 yophunzitsira ndi yomweyo. Mamodelo asanuwo ndi apachibale, ndipo akalakwitsa amakonda kulakwitsira mbali imodzi. M'chaka cha 2004 Yoshua Bengio ndi Yves Grandvalet anasonyeza ndi masamu kuti palibe njira imodzi yogwira paliponse yowerengera kugwedera kwa kurosi-valideshoni popanda kupendekera. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti musagawe `z.std()` ndi `sqrt(5)` n'kulengeza kuti mwapeza malire otsimikizika. Nenani kuti modelo ili cha m'ma 87, ndipo mapointi angapo kumtunda kapena kumunsi sangakudabwitseni.

Musanasangalale ndi 87, muiike pambali pa nambala ina. Mwa ngongole zanu 300, zobwezedwa ndi 210. Modelo yaulesi imene imangoyankha "abweza" kwa aliyense ipeza 70 peresenti popanda kuphunzira kanthu. `DummyClassifier` imachita zimenezo, ndipo ndi bwino kuiyendetsa pa magawo omwewo. Phindu lenileni la modelo yanu ndi mtunda wochoka pa 70 kufika pa 87. Yang'ananinso kuti mwa 90 zosabwezedwa yagwira zingati, poika `scoring="recall"` ngati zosabwezedwazo mwazilemba 1, chifukwa wobwereketsa ndalama nkhawa yake ili pamenepo.

Mwina mwaona kuti mu kodi ndalemba `StratifiedKFold`, osati `KFold` wamba, komanso ndaika `shuffle=True`. Yoyambayo imaonetsetsa kuti gawo lililonse lili ndi ngongole 18 zosabwezedwa ndi 42 zobwezedwa, monga mmene zilili m'deta yonse. Izi zimachotsa kugwedera kumene kumabwera chifukwa choti gawo lina lalandira zovuta zambiri mwangozi. Za `shuffle` pali chitsanzo chimene ndimakonda kuonetsa ophunzira. Deta ya maluwa imene imabwera ndi scikit-learn, ya `load_iris`, ili ndi mizere 150 yosanjidwa mwadongosolo: 50 yoyamba ndi mtundu umodzi, 50 yotsatira mtundu wachiwiri, 50 yomaliza wachitatu. `KFold` sisakaniza pokhapokha mutaiuza. Mukaipatsa `n_splits=3`, gawo lililonse limakhala mtundu umodzi wathunthu, modelo imaphunzira mitundu iwiri n'kuyesedwa pa wachitatu umene sinauonepo, ndipo imapeza 0 pa maulendo onse atatu. Nkhope za ophunzira zikaona ziro atatu pa deta yophweka chonchi zimandiseketsa chaka chilichonse. Ngati fayilo yanu inasanjidwa potengera amene anabweza, kapena nthambi, kapena kukula kwa ngongole, zofanana ndi zimenezi zingakuchitikireni mobisika.

Za chiwerengero cha magawo sindichedwapo. Mukatenga awiri, modelo iliyonse imaphunzira pa mizere 150 yokha, ndipo chotsatira chimatsika kuposa chimene modelo yophunzira pa 300 ingapeze. Mukatenga 10, imaphunzira pa 270, pafupi ndi deta yonse, koma gawo loyesera limakhala mizere 30 ndipo mzere umodzi umalemera mapointi 3.3, motero nambala za magawo zimabalalika kwambiri ngakhale avareji ili bwino. Mutha kufika pa magawo 300, mzere umodzi umodzi, imene ndi `LeaveOneOut`, koma ndiye kuphunzitsa ka 300, ndipo gawo lililonse limangoyankha 0 kapena 1. Ron Kohavi anayerekeza njirazi m'chaka cha 1995 n'kulimbikitsa magawo 10 osunga mlingo wa magulu, ndipo mpaka lero anthu ambiri amatenga 5 kapena 10. Pa deta yanu zonse ziwiri zili bwino. Ngati kompyuta ikulola, `RepeatedStratifiedKFold(n_splits=5, n_repeats=10)` imadula magawo mwatsopano ka 10, maulendo 50 onse pamodzi, ndipo avareji imakhazikika. Koma kubwerezako kumangochotsa mwayi wa kadulidwe. Anthu ake ndi omwewo, ngongole zake ndi 300 zomwezo.

Tsopano ndifike pamene ndikufuna mukhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene kurosi-valideshoni imanamiza anthu moposa kugawa kamodzi. Kugawa kamodzi kumagwedera ndipo munthu amakayikira. Kurosi-valideshoni yolakwika imatulutsa nambala zisanu zogwirizana bwino, zonse zabodza, ndipo palibe amene amakayikira. Bodzalo limalowa pamene chidziwitso cha gawo loyesera chadutsira kumbali yophunzitsira. Ndi likasa, kungoti wobera ndi kodi yanu, ndipo inu simukudziwa.

Bodzali lili ndi makomo atatu olowera. Khomo loyamba ndi ntchito zokonza deta zimene mumachita musanadule magawo. Mukayendetsa `StandardScaler`, imene imaika mizati pa muyeso umodzi, pa mizere yonse 300, avareji imene yawerengera ili ndi mizere yoyesera mkati. Mukadzaza mipata yopanda kanthu ndi avareji ya deta yonse, n'chimodzimodzi. Pa ziwirizi kuwonongeka kumakhala kochepa nthawi zambiri. Koopsa ndi kusankha mizati. Tinene kuti muli ndi mizati 2,000 ndipo mwasankha 20 imene ikugwirizana kwambiri ndi `y` poyang'ana mizere yonse, kenako n'kuchita kurosi-valideshoni pa 20 imeneyo. Mwa mizati yambiri chonchi, ina imagwirizana ndi `y` mwangozi chabe, ndipo ngoziyo ili m'magawo onse asanu poti munasankha mukuona onse. Ngakhale deta itakhala manambala opanda tanthauzo, chotsatira chidzaoneka bwino kuposa mmene chiyenera. Chimodzimodzi kuchulukitsa mizere ya gulu laling'ono musanadule: mzere ndi kope lake zimagwera mbali ziwiri, modelo n'kuyesedwa pa chimene yaloweza. Mankhwala ake ndi amene mwaona mu kodi ija. Chilichonse chimene chimaphunzira kanthu kuchokera m'deta chilowe mu `make_pipeline`, kuti pa ulendo uliwonse chiziona mizere 240 yokha.

Pali njira yodziwira ngati khomo ili lili lotsegula. Sakanizani `y` yokha, `X` muisiye mmene ilili, kuti pasakhalenso ubale uliwonse pakati pa ziwirizi. Kenako yendetsani ntchito yonse kuyambira pachiyambi, kuphatikizapo kusankha mizati ndi zina zonse. Modelo yoona mtima iyenera kugwa kufika cha pa 70 kapena kutsikirapo. Ikapezabe m'ma 80 pa mayankho osakanizidwa, penapake pakudontha.

Khomo lachiwiri silioneka ndi yeso limeneli, ndipo pa deta ya ngongole ndi limene ndikulikayikira kwambiri. Kodi ngongole 300 zanuzo ndi za anthu 300? Anthu amabwereka kangapo. Tiyerekeze kuti ndi za anthu 120, ndipo mayi wina ali ndi mizere inayi: zaka zomwezo, ntchito yomweyo, dera lomwelo, ndipo zinayi zonse anabweza. Mukasakaniza mizere, itatu ingagwere kophunzitsira, umodzi koyesera. Modelo sifunika kumvetsa chimene chimachititsa munthu kubweza, ingomuzindikira mayiyo. Mamodelo a mitengo, monga `RandomForestClassifier`, ndi akatswiri pa kuloweza kotereku. Ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Pa ntchito ina ndinali ndi zithunzi za masamba odwala ndi abwino, chomera chilichonse chitajambulidwa kangapo. Magawo onse anatuluka okwera ndi ogwirizana, ndipo ndinatumiza lipoti ndili wonyada. Zitabwera zithunzi za zomera zatsopano modelo inagwa chagada. Nditafufuza ndinapeza kuti inkazindikira dothi ndi mthunzi wa kumbuyo kwa chomera chilichonse, osati matenda. Chimene chikanandipulumutsa ndi mzere umodzi wa kodi:

```python
from sklearn.model_selection import GroupKFold
z = cross_val_score(modelo, X, y, groups=munthu, cv=GroupKFold(n_splits=5))
```

Apa `munthu` ndi mzati wa nambala yozindikiritsa wobwereka aliyense. `GroupKFold` imasunga mizere yonse ya munthu mmodzi m'gawo limodzi, kotero kuti modelo imayesedwa pa anthu achilendo okhaokha. Ngati mukufunanso kusunga mlingo wa 30 peresenti uja, pali `StratifiedGroupKFold`. Nambala ikatsika kuchoka pa 87 kufika, tinene, pa 79, musakhumudwe ndipo musabwerere ku yakale. Kusiyanako ndi kukula kwa zimene modelo inkaloweza. Koma dzifunseni kaye kuti modeloyi idzagwira ntchito pa ndani. Ngati ndi pa obwereka atsopano, 79 ndiye yoona. Ngati ndi pa makasitomala akale amene mbiri yawo ilipo kale, kuwadziwa si kubera, malinga modelo ikuona ngongole zawo zam'mbuyo zokha.

Mawu akuti "zam'mbuyo" atifikitsa pa khomo lachitatu, nthawi. Ngati ngongolezi zinaperekedwa pa zaka zingapo, kusakaniza kumalola modelo kuphunzira pa za chaka chamawa n'kulosera za chaka chatha, chinthu chimene pa ntchito yeniyeni sichingachitike. Chaka chikavuta anthu ambiri amalephera kubweza nthawi imodzi, ndipo modelo imene yaona theka la ngongole za chaka chimenecho imadziwa kale kuti chinali chovuta. `TimeSeriesSplit` imakonza izi pophunzitsa pa zakale n'kuyesa pa zotsatira. Mukasanja mizere 300 potengera tsiku n'kuika `n_splits=5`, ulendo woyamba umaphunzira pa mizere 50 yoyambirira n'kuyesa pa 50 yotsatira, wachiwiri pa 100, mpaka womaliza umene umaphunzira pa 250 n'kuyesa pa 50 yomaliza. Maulendo oyambirira amatuluka otsika chifukwa deta yophunzitsira ndi yochepa, choncho yang'anitsitsani omalizirawo. Pa makomo atatu onsewa funso ndi limodzi: kadulidwe kanga kakufanana ndi mmene modelo idzakumanire ndi deta ikadzayamba ntchito?

Pali funso limene simunafunse koma lidzabwera mawa: mwa mamodelo asanu aja, ndisunge iti? Palibe. Musatenge ya gawo lachitatu poti inapeza 91.7, chifukwa si kuti inali yanzeru, mayeso ake ndiwo anali ofewa. Asanuwo ntchito yawo inali yoyeza njira yanu, ndiko kuti mtundu wa modelo, makonzedwe ake ndi kakonzedwe ka deta. Mukakhutira ndi njirayo, phunzitsani modelo imodzi pa mizere yonse 300 ndi `modelo.fit(X, y)`, ndipo 86.7 ija ndi chiyerekezo cha mmene imeneyi idzachitire. Kawirikawiri chimakhala chotsikirapo pang'ono, poti modelo yomalizayi yaphunzira pa mizere 60 yoonjezera.

Nkhani imasintha mukayamba kugwiritsa ntchito kurosi-valideshoni posankha. Tinene kuti mwayesa nambala 10 zosiyana za `C`, chochunira cha `LogisticRegression` chimene chimalamula mmene modelo imamatirira ku deta yophunzitsira, ndi `GridSearchCV`, imene imayeza iliyonse ndi kurosi-valideshoni, n'kutenga yopambana. Nambala imene ili mu `best_score_` ndi yokwera kuposa choonadi, pa chifukwa chomwe chija cha `random_state` yokoma: mwa zinthu 10 zogwedera, chopambana chimakhala chitathandizidwa ndi mwayi. Mukayesa zinthu zochepa kukwerako ndi kochepa, mukayesa mazana pa mizere 300 kumakula. Njira yoongoka ndi kuika kurosi-valideshoni ina mkati mwa inzake, popereka `GridSearchCV` yonse kwa `cross_val_score` ngati modelo. Ya mkati imasankha `C` poona mizere 240 yokha, ya kunja imayesa chosankhidwacho pa 60 imene sinakhudzidwe. Ndi magawo asanu kunja, asanu mkati ndi nambala 10 za `C`, ndiko kuphunzitsa ka 250, kuonjezapo kasanu komaliza. Pa `LogisticRegression` ndi deta yaing'ono ngati yanu, imeneyi ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Ndipo poyerekeza mamodelo awiri, apatseni magawo omwewo n'kuona kusiyana gawo ndi gawo. Wina akapeza 87.3 mnzake 86.7, kusiyanako ndi ngongole ziwiri mwa 300. Ine pamenepo ndimatenga wosavuta kufotokoza.

Ndisakusiyeni ndi maganizo akuti kugawa kamodzi ndi tchimo. Vuto lake ndi kuchepa kwa `n`. Mukanakhala ndi mizere 50,000 yoyesera, fomula ija ikanapereka 0.0016, osakwana theka la pointi, ndipo kuphunzitsa kasanu kukanangokudyerani magetsi ndi nthawi. N'chifukwa chake amene amaphunzitsa mamodelo akuluakulu pa deta ya mamiliyoni amangopatula gawo limodzi. Komabe makomo atatu aja amakhalapobe ngakhale deta ichuluke bwanji.

Pali pamene ndingakulangizeni kukhala pansi ndi munthu wodziwa masamu a ziwerengero musanapitirire. Ngati mutaona kuti gawo limodzi latsika kwambiri, monga 60 pamene ena ali m'ma 80, musalikwirire mu avareji. Tsegulani mizere yake, chifukwa nthawi zambiri mumapezeka nthambi ina, chaka china, kapena zolembedwa molakwika. Ngati anthu enieni m'deta yanu ndi ochepa, kapena gulu laling'ono likupereka mizere iwiri kapena itatu pa gawo, avareji siikuuzani zambiri. Ndipo ngati modeloyi idzagwiritsidwa ntchito pokaniza munthu weniweni ngongole, mizere 300 ndi kurosi-valideshoni sizokwanira. Pafunika deta yatsopano imene simunaigwirepo, komanso kuona ngati modelo ikulakwira magulu ena a anthu kuposa anzawo.

Za lipoti lanu, yambani ndi kuwerenga kuti obwereka osiyana ndi angati ndiponso kuti masiku a ngongolezo atambalala bwanji, chifukwa yankho lake ndi limene lisankhe pakati pa `StratifiedKFold`, `GroupKFold` ndi `TimeSeriesSplit`. Kenako lembani njira imene mwadulira ndi chifukwa chake, chiwerengero cha magawo, `random_state` ngati mwasakaniza, nambala za magawo onse, avareji ndi kubalalika kwake, ndi 70 wa modelo yaulesi pambali pake. 92 wanu ndi 82 wa mnzanu muwaikemonso, m'ndime yofotokoza chifukwa chimene simunadalire kugawa kamodzi.